Mndandanda wa mfundo ndi chiganizo chimodzi

Gulu lililonse lokhazikika limakhala ndi kope la malamulo, kaya ndi banki m'khonde, kalabu ya alimi, komiti ya mjigo kapena kwaya ya kumpingo. Mukatsegula kopelo simulephera kupeza tsamba lomwe lili ndi mzere umodzi pamwamba, timadontho tiwiri kumapeto kwake, kenako mfundo zondandalikidwa pansi, iliyonse ndi nambala yake. Mzere wapamwambawo umanena zomwe munthu angapeze kapena zomwe zingamugwere, ndipo mfundo zapansizo zimanena zomwe ziyenera kuchitika kuti zimenezo zitheke. Tsamba lotere limaoneka laudongo, moti anthu amalikhulupirira asanaliwerenge n'komwe. Komatu ndi patsamba lomweli pomwe pamabisala mikangano yomwe imadzabuka tsiku lomwe wina wamanidwa ngongole kapena walipitsidwa chindapusa.

Chomwe olemba ambiri amaiwala n'chakuti mndandanda wotere ndi chiganizo chimodzi chomwe changodulidwa kuti chiwerengeke mosavuta. Mawu otsogolera, omwe ali pamwamba aja, ndiwo chiyambi cha chiganizocho. Mfundo iliyonse ndi mathero ake. Ngati pali mfundo zisanu ndiye kuti pali ziganizo zisanu zomwe zikugawana chiyambi chimodzi, ndipo chilichonse mwa zisanuzo chiyenera kumveka Chichewa chabwinobwino mukachiwerenga kuchokera pamwamba osapumira.

Tiyerekeze kuti gulu lina la banki m'khonde lalemba lamulo lake la ngongole motere.

Membala angatenge ngongole ngati:
1. wagula masheya kwa miyezi itatu
2. kubweza ngongole yakale
3. chiphaso cha unzika
4. asajombe kumisonkhano
5. komiti idzaona ngati n'koyenera

Munthu wongodutsa maso anganene kuti zonse zikumveka, ndipo n'zoona kuti mutu wa mfundo iliyonse ukudziwika. Koma tawerengani mokweza, muzibwerera pamwamba nthawi iliyonse. "Membala angatenge ngongole ngati wagula masheya kwa miyezi itatu." Apa palibe chovuta. "Membala angatenge ngongole ngati kubweza ngongole yakale." Lilime lakana kale. "Membala angatenge ngongole ngati chiphaso cha unzika." Apa ndiye mawu akuti "ngati" asinthiratu ntchito, ayamba kumveka ngati akufanizira ngongole ndi chiphaso. Mwa mfundo zisanu, imodzi yokha ndiyo yalumikizana ndi mawu otsogolera.

Wina anganene kuti izi n'zofunika kwa aphunzitsi a Chichewa okha, popeza mamembala akudziwa zomwe anagwirizana. Ine ndikukana, ndipo chifukwa chake chili pa mfundo yachiwiri ija. Mneni woyamba ndi "ku-", monga "kubweza", sanena nthawi, komanso sanena yemwe akuchita ntchitoyo. Amangotchula ntchito basi. Ndiye tiyerekeze kuti mayi wina wasonkha masheya okwana K40,000, ndipo gululo limalola munthu kukongola mpaka katatu ka zomwe wasunga, kutanthauza K120,000. Mayiyo ali ndi K15,000 yotsala pa ngongole yomwe anatenga kale. Msungichuma akuti, "Pepani amayi, lamulo likuti mubweze kaye yakale." Mayiyo akuyankha kuti, "Ayi achemwali, pamenepo palibe mawu akuti kaye. Ndikubweza mwezi uliwonse, ndipo sindinadumphepo." Onse awiri akuloza mzere womwewo, ndipo palibe yemwe akunama. Mzerewo ukhoza kutanthauza "wabweza", "akubweza" kapena "adzabweza", ndipo wolemba sanasankhe. Akanakakamizika kumaliza chiganizo choyamba ndi "ngati", akanasankha, chifukwa pambuyo pa "ngati" pamafunika mneni wokhala ndi mwini wake komanso nthawi yake. Kufanana kwa kamangidwe ka mfundo kumakakamiza gulu kupanga chiganizo chomwe likanachizemba.

Pamneni yemweyu pali msampha wina womwe ndi wa Chichewa chenicheni. Mlembi wofuna kulemekeza anthu, kapena woganiza za mamembala ambiri, angalembe kuti "ngati abweza ngongole yakale". Polankhula, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumatithandiza kusiyanitsa "abweza" wonena kuti anthu atha kale kubweza ndi "abweza" wonena kuti munthu achita zimenezo posachedwa. Koma kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa kamvekedwe ka liwu, choncho papepala mawu awiriwa amangofanana. Ngati mawu otsogolera ayamba ndi munthu mmodzi, "membala", mlembi agwiritsitse mmodziyo mpaka pansi: wagula, wabweza, waonetsa. "Wabweza" alibe matanthauzo awiri. Ulemu tiziusungira pakamwa poitana munthu. M'kope la malamulo, "wa-" sanyoza aliyense.

Mfundo yachitatu ndi dzina lokha lopanda mneni, ndipo vuto lake ndi lomwelo koma lakula. Kodi chiphaso cha unzikacho munthu achite nacho chiyani? Akhale nacho, ngakhale chili kunyumba? Achionetse kwa mlembi? Apereke fotokope yake? Kapena achisiye m'bokosi ngati chikole mpaka atabweza? Izi ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo chomalizachi n'choopsa, chifukwa kuyambira pomwe boma linalemba anthu m'kaundula wa unzika mu 2017, chiphasochi chimafunika kubanki, polembetsa nambala ya foni ndi malo ena ambiri. Gulu lomwe silinalembe mneni lasiya mpata woti tsiku lina msungichuma wouma mtima adzasankhe yekha tanthauzo lomwe lamukomera.

Mfundo yachinayi, "asajombe kumisonkhano", ndi Chichewa chabwino, koma yalowa m'nyumba ya eni. Mneni wothera ndi "-e" wotereyu ndi wolamula kapena wolangiza, ndipo amayang'ana kutsogolo. Amagwirizana ndi "kuti", monga "tikufuna kuti asajombe". Pomwe "ngati" wa m'lamulo la ngongole amafunsa zomwe zachitika kale pofika tsiku lomwe munthu akupempha ndalama. Mukangoyesa kuikonza kuti ikhale "ngati sanajombe kumisonkhano", pamatuluka funso lomwe linabisala: sanajombe chiyambire liti, ndipo kangati? Nanga yemwe anajomba chifukwa cha maliro kapena matenda? Palibe munthu yemwe angakhale chaka chathunthu osaphonya msonkhano ngakhale umodzi, ndiye lamulo losatchula malire limasanduka chikwapu chomwe chimakwapula okhawo omwe sakondedwa.

Yachisanu ndiyo yosocheretsa koposa. Mwininkhani wasintha: zinayi zoyamba zikunena za membala, iyi ikunena za komiti, ndipo mgwirizanitsi wachoka pa "wa-" kupita pa "i-". Nthawi yasinthanso, yapita kutsogolo. Kusintha mwininkhani pakokha si tchimo, poti "membala angatenge ngongole ngati komiti yavomereza" ndi chiganizo cholongosoka. Koma gulu lidzifunse ngati ndi zomwe likufunadi. Mfundo imeneyi ikaikidwa mumndandanda mofanana ndi zinzake, imameza zonse, chifukwa munthu akhoza kukwaniritsa zinayi zija n'kukanidwabe popanda chifukwa cholembedwa. Nthawi zambiri chomwe anthu amatanthauza n'chakuti komiti ndiyo iziona ngati mfundo zija zakwaniritsidwa. Imeneyo ndi ntchito ya komiti, si chinthu chomwe wokongola ayenera kukwaniritsa, ndipo malo ake ndi chiganizo chapachokha pansi pa mndandanda.

Lamulo lija likakonzedwa likhoza kuoneka chonchi.

Membala angatenge ngongole ngati wakwaniritsa zonse izi:
1. wagula masheya kwa miyezi itatu yotsatizana;
2. wamaliza kubweza ngongole yakale pamodzi ndi chiwongoladzanja chake;
3. waonetsa chiphaso chake cha unzika kwa mlembi, ndipo
4. sanajombe misonkhano yoposa iwiri popanda kutsanzika m'miyezi itatu yapitayi.
Komiti idzaona ngati mfundo zinayizi zakwaniritsidwa ndipo idzalengeza yankho lake pamsonkhano womwewo.

Manambala a miyezi ndi misonkhano ndi ongoyerekeza, gulu lililonse limaika ake. Chofunika kuona ndi chakuti mayi wa K15,000 uja tsopano akudziwa yankho asanachoke kunyumba, ndipo msungichuma sakufunikanso kukhala woweruza. Onaninso kuti mfundo yachinayi ndi yokana, "sanajombe", pomwe zina ndi zovomera, koma zonse zikukhala bwino pansi pa "ngati". Kufanana komwe tikunena si kwakuti mfundo zonse ziyambe ndi chilembo chimodzi kapena zitalike mofanana. Mfundo ina ikhoza kukhala ya mawu atatu, ina ya mizere iwiri. Ina ikhoza kunena "ali ndi zaka 18", ina "alibe ngongole kwina", ina "wakhala m'mudzi muno kwa chaka". Zonsezi ndi zoyenera malinga iliyonse ikumaliza chiganizo chomwe chayambika pamwamba.

Mawu omaliza a mzere wotsogolera ndiwo amalamula maonekedwe a mfundo zonse, ndipo m'Chichewa njira zake si zambiri. Mzere ukathera pa "ngati", mfundo zimayamba ndi mneni wonena zomwe zilipo kapena zachitika, monga taonera. Ukathera pa "ayenera", zonse ziyambe ndi "ku-": kugula, kubweza, kuonetsa, ndipo yokana ikhale "kusajomba". Ukathera pa "kuti", zonse zithere ndi "-e": agule, abweze, asajombe. Ukathera pa "abweretse", zonse zikhale mayina a zinthu zonyamulika: chiphaso, kabuku ka masheya, kalata ya amfumu. Mndandanda wosokonekera uja unatenga mfundo imodzi kuchokera m'njira iliyonse mwa zinayizi, ndipo n'chifukwa chake mzere uliwonse pawokha unkaoneka wabwino.

Pali njira inanso yomwe Chichewa chimaikonda kwambiri, makamaka pa zindapusa. M'malo mwa "ngati", timalowetsa "-ka-" m'kati mwa mneni: "Membala adzalipira chindapusa akachedwa, akajomba, akaulula zinsinsi za gulu." Popeza "-ka-" sangaime payekha pamwamba, mzere wotsogolera umangothera pa "chindapusa", ndipo mfundo iliyonse iyenera kudzinyamulira "aka-" wakewake. Yokana imakhala "akapanda kubweza pa tsiku lake" kapena "akalephera kubweza". Vuto limabwera mlembi akalemba mfundo ziwiri ndi "aka-", kenako yachitatu n'kulemba "kutukwana pamsonkhano". Wowerenga amadzaza yekha, ndipo pa kutukwana mwina sangaphonye. Koma ikakhala "kusabwera ndi ndalama", ena amva za masheya, ena za ngongole, ena za thumba la zadzidzidzi, ndipo chindapusa chija chimasanduka nkhani ya tsiku lonse.

Olemba ena atazindikira kuti mfundo zawo zikubwereza mawu amodzimodzi, amakweza mawuwo n'kuwaika pamzere wotsogolera. Ndi nzeru yabwino, koma imafuna kusamala, chifukwa mawu omwe akwezedwa amakhala a mfundo zonse. Izi zimaoneka kawirikawiri pa zidziwitso za ntchito zomwe zimamatidwa pa zipata ndi pa mitengo. Pamwamba palembedwa kuti "Wofunsira ntchito ayenera kukhala ndi:", kenako pansi pali satifiketi ya Fomu 4, luso la zaka ziwiri, ndiyeno "wokhulupirika" ndi "wosamwa mowa". Ziwiri zoyamba zikulowa bwino. Koma "ayenera kukhala ndi wokhulupirika" zikutanthauza kuti munthuyo azikhala limodzi ndi munthu wina wokhulupirika, zomwe si cholinga cha wolemba. Kamawu kakang'ono "ndi" ndi komwe kalakwitsa. Kukonza kwake n'kosavuta: mzere wapamwamba uthere pa "kukhala", ndipo "ndi" atsikire ku mfundo zomwe zikumufuna, kuti tiwerenge "kukhala ndi satifiketi", "kukhala ndi luso", "kukhala wokhulupirika". Kapenanso mfotokozi asandutsidwe dzina, tinene "kukhala ndi mbiri ya kukhulupirika". Pamzere wotsogolera pazikwera mawu okhawo omwe mfundo iliyonse, popanda yotsala, ikuwavomera.

Kodi chisokonezochi chimachokera kuti, poti anthu omwewa polankhula salakwitsa chonchi? Gwero loyamba ndi momwe malamulo a gulu amapangidwira. Anthu akhala pansi pa mtengo, wapampando wafunsa kuti, "Nanga wofuna ngongole tizimuona chiyani?" Wina akuti, "Chiphaso!" Wina akuti, "Asamajombe ameneyo!" Wina akuti, "Kubweza kaye yakale." Mlembi akulemba mwachangu momwe mawu akutulukira, ndipo aliyense wayankha funso lomwe lili m'mutu mwake, osati mzere womwe uli pamwamba pa tsamba. Palibe cholakwa pamenepo, msonkhano umayenda choncho. Cholakwa ndi kutenga zolemba za pamsonkhano n'kuzisandutsa lamulo osazikhalira pansi. Gwero lachiwiri ndi kuwonjezera: chaka chino gulu lakumana ndi vuto latsopano, mlembi watsopano waika mfundo yachisanu ndi chimodzi pansi osawerenganso pamwamba. Lachitatu ndi kumasulira kuchokera ku Chingerezi mzere ndi mzere. Chingerezi chimatha kuika mwininkhani pamwamba n'kusiya mneni wopanda chizindikiro cha mwini pansi, pomwe mneni wa Chichewa amanyamula mgwirizanitsi wake nthawi zonse. Womasulira akaiwala kuti pamwamba panali "gulu", amayamba ndi "lalembetsa", pakati n'kulemba "asankha atsogoleri", kumapeto "yatsegula akaunti", ngati kuti akunena za zinthu zitatu.

Akatswiri olemba malamulo a dziko amasamala kwambiri za nkhaniyi, ndipo chitsanzo chabwino chili m'malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994. Gawo 51 limanena za munthu woyenera kuima pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mawu otsogolera amathera pa munthuyo, ndipo mfundo zitatu zotsatira zonse zimayamba ndi mneni wonena za iye yemweyo: ndi nzika yomwe yakwanitsa zaka 21, amatha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'nyumbayo, ndipo analembetsa m'kaundula wa ovota. Chomwe ndimafuna alembi a magulu atengerepo ndi zomwe olembawo anachita ndi zinthu zolepheretsa munthu kuima, monga kukhala msilikali kapena wapolisi yemwe akadali pa ntchito. Sanazithire mumndandanda woyamba uja. Anatsegula ndime yachiwiri yokhala ndi mawu akeake otsogolera, ndipo mfundo zake zimagwirizana ndi mawu amenewo. Mfundo ikakana kulowa pansi pa mzere wotsogolera ngakhale mutaitembenuza chotani, nthawi zambiri imakhala ikukuuzani kuti ndi ya mndandanda wina.

Kulekanitsa kumeneku kumapulumutsanso ku vuto la kukana kawiri. Mzere wotsogolera ukakhala wokana, monga "Membala sangatenge ngongole ngati:", mfundo yakuti "sanabweze yakale" ndi yolondola, koma wowerenga ayenera kuima kaye kuti aisinkhesinkhe. Pakalowa mfundo yomwe inalembedwa ndi maganizo a mndandanda wovomera, monga "wagula masheya kwa miyezi itatu", galamala imakhala bwinobwino koma tanthauzo latembenuka, lamulo likumana ngongole munthu yemwe wachita bwino. Apa kuwerenga mokweza kokha sikukwanira. Muyenera kumvetsera zomwe chiganizocho chikunena. "Pokhapokha" nayenso amafuna diso. "Sangatenge ngongole pokhapokha" amafuna mfundo monga "atagula", "atabweza", "ataonetsa", ndipo kusakaniza ndi "wagula" kumafuna kuti pamwamba pakhale "pokhapokha ngati".

Chatsala ndi kamawu kolumikiza, komwe anthu ambiri sakalemba n'komwe. Mfundo zinayi zikhoza kulumikizana bwino ndi mzere wotsogolera, koma wowerenga osadziwa ngati zikufunika zonse kapena imodzi yokha. Pa ngongole nthawi zambiri zimafunika zonse, pa chindapusa imodzi ndi yokwanira. Olemba malamulo amaika "ndipo" kapena "kapena" kumapeto kwa mfundo yotsatizana ndi yomaliza. Kwa anthu omwe amamva malamulo akuwerengedwa pamsonkhano, osati kudziwerengera okha, ndi bwino kunena pamwamba pomwe kuti "zonse izi" kapena "chimodzi mwa izi", chifukwa womvera sangadikire mpaka mfundo yachitatu kuti adziwe momwe amvere yoyamba. Ndipo "ndipo" ndi "kapena" asakumane pamlingo umodzi. Ngati gulu likulola chiphaso cha unzika kapena kalata ya amfumu, ziwirizo zikhale m'kati mwa mfundo imodzi, "waonetsa chiphaso cha unzika kapena kalata ya amfumu". Zikaikidwa ngati mfundo ziwiri zosiyana, wina adzanena kuti kalata ya amfumu payokha ikulowa m'malo mwa mfundo zonse zapamwamba, ndipo papepala adzakhala ndi poimira.

Magulu ambiri a banki m'khonde amaunikanso malamulo awo akagawana ndalama, asanayambe chaka china. Inu alembi ndi apampando, imeneyo ndiyo nthawi yake. Munthu mmodzi agwire kope, awerenge mzere wotsogolera pamodzi ndi mfundo yoyamba, abwerere pamwamba, awerenge ndi yachiwiri, mpaka pansi, ena onse akumvetsera. Pomwe lilime lakodwa, musangokonza mawu okha. Funsani gulu kuti likutanthauza chiyani, ndani achite, liti, kangati, ndipo mulembe yankholo ndalama zisanayambe kutuluka m'bokosi.